Banja latha, nanga ng'ombe za malowolo zibwerere?

Kumadera kumene timalowola, banja likatha mkangano woyamba sukhala wa ana kapena wa nyumba. Umakhala wa ng'ombe. Mwamuna amati mkazi wapita, ndiye chuma chake chibwerere. Bambo a mkazi amati ng'ombezo zinatha kalekale. Pakati pa awiriwa pamakhala mkazi amene sanagwireko ngakhale mchira wa ng'ombe imodzi, koma ndiye amene amauzidwa kuti apirire chifukwa kwawo kulibe chobweza.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti kubweza malowolo ndi lamulo losasinthika, kuti khoti limangowerenga zomwe zinaperekedwa n'kulamula kuti zibwerere. Ine ndinakhalapo m'khoti pa mlandu wotere, ndipo zomwe ndinaona n'zosiyana ndi zimenezo. Khoti silitenga malowolo ngati ngongole kapena chikole. Limayamba lafunsa mafunso angapo, ndipo mayankho a mafunsowo ndi amene amaonetsa ngati chuma chibwerere chonse, chibwerere pang'ono, kapena chisabwerere n'komwe.

Ndiyambe ndi abale athu a m'chigawo chapakati ndi kummwera amene mwambo wawo ndi wa chikamwini. Kwa inu nkhaniyi ingaoneke yachilendo, chifukwa mwamuna amapita kukakhala kwawo kwa mkazi ndipo ana amakhala a mbumba ya kuchikazi. Ngakhale pa chitengwa, chiongo chimene chimaperekedwa n'chochepa, ndipo sichisamutsa ana kupita kuchimuna. Banja la chikamwini likatha, funso limene limavuta kukhoti limakhala loti kodi mwamuna anamumangira mkazi nyumba kwawo. Koma kwathu ku Mzimba, ku Rumphi, ku Karonga, komanso kuchigwa cha Shire pakati pa Asena, zinthu zimayenda mwina. Mwamuna amapereka chuma kwa makolo a mkazi, mkazi amapita kukakhala kuchimuna, ndipo ana amatenga mfunda wa bambo awo. Lero Achewa, Alomwe ndi Ayao ambiri akukwatira kapena kukwatiwa kumadera amenewa, choncho nkhaniyi ikhoza kugogoda pa khomo la aliyense.

Mlandu umene ndikunenawu unali wa mwana wa achimwene anga, amene pa mwambo wathu ndi mwana wanga ndithu. Anakwatiwa mu 2016. Pa tsiku lokambirana malowolo, kope ndinagwira ndine, poti ndine mphunzitsi wa pabanjapo. Tinagwirizana ng'ombe zisanu ndi imodzi. Akuchimuna anabweretsa zamoyo zitatu, zazikazi ziwiri ndi nkhunzi imodzi, ndipo m'malo mwa yachinayi anapereka K150,000. Ziwiri zinatsala ngati ngongole, monga zimakhalira m'mabanja ambiri, poti malowolo samalizidwa tsiku limodzi. Kupatula apo panali tinthu tina: ndalama yotsegulira pakamwa, bulangeti la amayi a mwana, ndi jekete la achimwene. Zonsezi ndinalemba, thenga wa mbali yawo anasaina, wa mbali yathunso anasaina.

Banjalo linakhala zaka zisanu ndi zitatu ndipo munabadwa ana atatu. M'zaka zomalizira mkamwini wathu anayamba kumenya. Mwanayo anathawira kwathu kawiri, ndipo kawiri konse athenga anakhala pansi n'kumubweza. Ulendo wachitatu anabwera dzanja litathyoka, mwana wamng'ono ali kumbuyo. Anandiuza ali chogwada kuti, "Bambo aang'ono, uko sindibwererako. Koma adada akuti ng'ombe kulibe, ndiye nditani?"

Achimwene sanali kunama. Ng'ombe ziwiri zazikazi zija anazipereka polowolera mwana wawo wamwamuna. Nkhunzi inagulitsidwa chaka cha njala. Ndalama ija inathera fetereza. Umu ndi momwe chuma cha malowolo chimayendera kwathu: chimalowa khola lino lero, mawa chatuluka kukatenga mkazi wa mchimwene wake wa mkwatibwi. Mwamuna akamati zibwerere, ndiye kuti akugwedeza mabanja awiri, lake ndi la mlamu wake.

Mu 2024 nkhaniyi inafika kukhoti la majisitireti, kumene maukwati a mwambo amathetsedwa. Mwana wathu anapempha kuti banja lithe. Mwamuna anayankha kuti akuvomera, koma pokhapokha atabwezeredwa zake. Mndandanda wake unali wautali. Ankafuna ng'ombe zitatu zija pamodzi ndi ana amene zikanabereka pa zaka zonsezo, zimene iye anaziwerenga kuti zafika zisanu ndi zinayi. Ankafuna K700,000 m'malo mwa K150,000 ija, ati ndiwo mtengo wa ng'ombe lero. Anaikapo bulangeti, jekete, ndi ndalama zomwe anawononga pa phwando la ukwati.

Woweruza anayamba ndi kulekanitsa nkhani ziwiri zimene mwamunayo anazimanga pamodzi. Kutha kwa banja ndi nkhani ina, kubweza chuma ndi nkhani inanso. Lamulo la maukwati, kutha kwa mabanja ndi ubale wa m'banja, limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 2015, limati chomwe khoti liyang'ane ndi chakuti kodi ukwatiwo wasweka moti sungakonzekenso. Kale pa mwambo, ng'ombe zikabwerera m'pamene anthu ankadziwa kuti banja latha, ndipo zikapanda kubwerera mkazi ankaonedwabe ngati wa mwini. M'khoti muja sizinayende choncho. Umboni wa nkhanza unali wokwanira kuti banja lithe, ndipo mkazi sanauzidwe kuti adikire kaye bambo ake apeze ng'ombe. Mfundo imeneyi ndi imene amayi ambiri saidziwa, ndipo kusaidziwa kukuwasunga m'nyumba zomwe akanatulukamo kale.

Atatero anafika pa chumacho, ndipo funso loyamba linali losavuta: analandira ndani? Mwamuna ankaloza chala mkazi wake, koma mkaziyo sanalandire kanthu. Pangano la malowolo limakhala pakati pa mwamuna ndi abale ake mbali ino, bambo kapena woyang'anira mkazi mbali inayo. Wofuna kubwezeredwa ayenera kusumira amene analandira. Choncho achimwene anaitanidwa kuti adzayankhe okha. Amuna ambiri amagwa pa sitepe imeneyi. Amalanda mkazi mbale, makina osokera kapena mbuzi zake ati akubweza malowolo, osadziwa kuti akulanda munthu amene alibe nawo ngongole, ndipo kuteroko kukhoza kuwabweretsera mlandu wina.

Funso lachiwiri linali loti, pa zonse zomwe zinaperekedwa, malowolo enieni ndi ati? Apa kope langa lija linagwira ntchito. Linaonetsa kuti ng'ombe zinaperekedwa zitatu, kuti yachinayi inalowa ngati ndalama, ndiponso kuti bulangeti, jekete ndi yotsegulira pakamwa zinalembedwa pazokha. Thenga wa mbali ya mwamuna, atafunsidwa, anavomera kuti tinthu timeneti ndi ulemu chabe, sitibwezedwa. Za phwando anati nsima inadyedwa ndi mbali zonse ziwiri, ndipo palibe amene angaisanze. Mndandanda uja unayamba kufupika pomwepo.

Pamenepa pali chinthu chimene chinandidabwitsa, ndipo n'chofunika kuti aliyense wopita kukhoti ndi nkhani ya mwambo achidziwe. Woweruza sangoganiza yekha kuti mwambo wa Angoni kapena wa Atumbuka umati chiyani. Gawo 64 la lamulo la makhoti limati mwambo ukakhala wofunika pa mlandu, uyenera kutsimikizidwa ndi umboni monga momwe zimakhalira ndi nkhani ina iliyonse. Izi n'zomveka, poti majisitireti wochokera ku Mangochi akhoza kutumizidwa kukagwira ntchito kumpoto, ndipo miyambo imasiyana mudzi ndi mudzi. Choncho amene akunena kuti "kwathu timabweza" ayenera kubweretsa munthu wodziwa mwambowo kuti adzanene m'khoti. Mwamuna uja ananena kuti ana a ng'ombe amabwezedwa, koma analibe wom'chitira umboni. Ife tinabweretsa mkulu wina wa m'mudzi amene wakhala pa milandu yotere zaka zambiri. Iye anati kwathu chobwezedwa, ngati chilipo, ndi chiwerengero chomwe chinaperekedwa basi, poti amene anaweta, kudyetsa ndi kugula mankhwala ndi mwini khola. Ng'ombe zisanu ndi zinayi zija zinabwerera pa zitatu.

Funso lachitatu ndi limene linatenga nthawi yaitali: anapasula banja ndani? Mwambo wathu umati mkazi akachoka popanda chifukwa, kapena akagwidwa ndi mwamuna wina, akuchimuna akhoza kuitanitsa chuma. Koma mwamuna akathamangitsa mkazi wosalakwa, akam'siya osam'samala, kapena akam'chitira nkhanza mpaka kuthawa, chumacho wachitaya yekha. Mkamwini wathu anaima pa mfundo imodzi, yoti mkazi anachoka yekha ndi miyendo yake. Woweruza anafunsa kuti, chinam'chotsa n'chiyani? Wotuluka pakhomo si nthawi zonse amene amakhala wopasula.

Apa umboni unalankhula. Buku la kuchipatala linali ndi tsiku lomwe dzanja linamangidwa ndi zomwe dokotala analemba. Panali kalata ya kupolisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ya ulendo wachiwiri uja. Koposa zonse panali athenga. Wa mbali ya mwamuna anafunsidwa kuti anakhala pansi kangati pa nkhani za banjali, ndipo anati kawiri. Anafunsidwa kuti wopezeka wolakwa anali ndani. Anaweramitsa mutu n'kunena kuti maulendo onse awiri mwana wawo ndiye anapepesa, ndipo ulendo wachiwiri anapereka mbuzi. Mbuzi imeneyo, imene achimwene anailandira monyinyirika, inakhala umboni wamphamvu kuposa mawu athu onse. Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo tsiku limenelo ndinaona tanthauzo lake.

Funso lachinayi linali la ana ndi zaka. Mkulu uja anafotokoza kuti pa mwambo malowolo amayendera limodzi ndi ana. Chuma chimapita kuchikazi, ana amakhala a kuchimuna. Munthu sangatenge zonse ziwiri. Ngakhale mkazi atakhala wolakwa, ana akakhalapo akuluakulu amachotsera, ndipo ana akachuluka chobweza chimatha. Mwamuna anafunsidwa ngati akufuna kuti ana atatu aja asiye kukhala a mtundu wake. Anati ayi, ndi magazi ake. Pamenepo anali atadziyankha yekha. Kuwonjezera apo panali zaka zisanu ndi zitatu zimene mkaziyo analima fodya m'munda wa apongozi ake, kuphika, kutunga madzi ndi kudwazika apongozi aakazi mpaka kumwalira kwawo. Ng'ombe ikhoza kubwerera m'khola momwe inachokera, koma zaka zimenezo palibe angazibweze kwa mwini wake.

Chigamulo chinali chakuti banja latha, mwamuna ndiye analipasula, ndipo palibe chobwezedwa. Za kumene ana akakhale zinagamulidwa pazokha, osati potengera ng'ombe. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limati pa nkhani zokhudza ana choyamba kuyang'ana ndi ubwino wa anawo. Anawo anali aang'ono, choncho anapita ndi mayi awo, bambo analamulidwa kupereka chithandizo mwezi ndi mwezi, ndipo ali ndi ufulu wowaona. Mfunda wawo sunasinthe. Katundu amene awiriwo anapeza limodzi anagawidwa pa tsiku lina, motsatira gawo 24 la malamulo aakulu omwewo, limene limapatsa mkazi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu wa onse awiri banja likatha. Mwamunayo anauzidwa kuti ngati sakukhutira akhoza kukachita apilo kukhoti lalikulu. Sanapite.

Titatuluka, abale ena a mbali yathu anatentha mtima. Ankati tsopano ndi nthawi yathu, tikaitanitse ng'ombe ziwiri zotsala zija, poti ana atatu anabadwa ndipo ngongole ndi ngongole. Pa mwambo mfundo yawo inali ndi mutu. Ine ndinakana, ndipo achimwene anagwirizana nane. Sitikanatha kunena m'khoti kuti mwana wathu si katundu wobwezedwa kusitolo, n'kutuluka panja kukalondola ndalama yotsala pa mtengo wake. Komanso ng'ombe iliyonse yomwe tikanalanda kwa bamboyo ikanachoka pakamwa pa ana omwewo.

Wina asaganize kuti khoti kapena akuluakulu amakana kubweza nthawi zonse. M'mudzi woyandikana ndi kwathu mnyamata wina analowola ndi ng'ombe zitatu. Patangotha miyezi isanu ndi itatu mkazi anapita ku Joni ndi mwamuna wina, mwana palibe, dandaulo lililonse kwa athenga palibe. Nkhani imeneyo sinafike n'kukhoti komwe. Bambo a mtsikana anaona okha kuti mafunso onse aja akuwatsutsa: analandira ndi iwo, zinalembedwa, wochoka popanda chifukwa ndi mwana wawo, ndipo banja silinakhalitse. Anabweza ziwiri, imodzi akuchimuna anaisiya ngati ulemu. Mukaika milandu iwiriyi pamodzi muona kuti muyeso ndi umodzi, koma mayankho ndi osiyana.

Ngakhale zili choncho, mtima wanga sukhazikika ndi muyeso umenewu. Mwana wathu anapambana chifukwa anali ndi buku la kuchipatala, kalata ya kupolisi, ndi thenga woopa kunama atalumbira. Nanga mkazi amene amamenyedwa usiku, chitseko chili chotseka, ndipo m'mawa amauza anthu kuti anagwa pa chitsime? Nanga amene samenyedwa, koma amanyozedwa tsiku ndi tsiku chifukwa sanabereke, pamene mwamuna sanapiteko kukayezetsa? Oterewa akachoka amaoneka ngati opasula, ndipo bambo awo amayamba kuwerenga ng'ombe zomwe alibe. Muyeso wofunsa kuti wolakwa ndani umakomera amene ali ndi mboni.

Ku Uganda anthu anailingalira nkhaniyi mpaka kukhoti lalikulu kwambiri la dzikolo. Bungwe lomenyera ufulu wa amayi la Mifumi, lochokera m'boma la Tororo, linasuma mu 2007 kupempha kuti malowolo athetsedwe. Khoti loona za malamulo aakulu linakana pempholo mu 2010, ndipo bungwelo linachita apilo. Pa 6 Ogasiti 2015 khoti lalikulu kwambiri linagamula pawiri. Linati kupereka malowolo pakokha sikutsutsana ndi malamulo aakulu a dzikolo, choncho mwambowo upitirire. Koma linati kuitanitsa kuti chuma chibwezedwe banja likatha n'kosemphana ndi malamulowo, amene amapatsa mwamuna ndi mkazi ufulu wofanana polowa m'banja, ali m'banja, ndi potuluka. Zifukwa zake ndi zomwe taziona pamwambapa: kubweza kumanyalanyaza zonse zimene mkazi anachita m'banjamo, kumam'mangirira m'nyumba ya nkhanza, ndipo kumaika ufulu wake m'manja mwa makolo amene mwina chumacho anadya kale.

Chigamulo cha ku Uganda sichimanga makhoti a ku Malawi. Komabe gawo 11 la malamulo aakulu athu limalola oweruza kuyang'ana momwe makhoti a maiko ena anagamulira nkhani zofanana, ndipo gawo 5 limati lamulo lililonse lotsutsana ndi malamulo aakuluwo lilibe mphamvu. Mwambo nawonso uli pansi pa mawu amenewa. Choncho bambo amene wasumiridwa kuti abweze sayenera kungoima pa funso la wolakwa. Akhoza kunenanso kuti kubwezako kukuphwanya ufulu wa mwana wake, ndipo ngati alibe ndalama za loya, boma lili ndi ofesi yothandiza anthu ovutika pa milandu.

Ine sindili m'gulu la onena kuti malowolo athe. Ndinalowola, ndipo ana anga aakazi ndinalandirira. Tsiku limene mabanja awiri amakhala pa mphasa, athenga n'kumapita uku ndi uku, limamanga ubale umene chikalata cha kwa DC chokha sichingamange. Koma ngati timati chumacho ndi kuthokoza makolo polera, tizikumbukira kuti munthu sathokoza lero n'kudzalanda zikomo wake patapita zaka zisanu ndi zitatu. Ndipo ngati timati si kugula, tisamachite zinthu za wogula amene wapeza kuti katundu sanam'sangalatse.

Kwa amene mukukonzekera kukhala pa mphasa chaka chino, pempho langa ndi laling'ono. Lembani. Lembani chomwe mwagwirizana, chomwe chaperekedwa, chomwe chatsala, ndipo malowolo muwasiyanitse ndi mphatso. Ng'ombe ikalowa ngati ndalama, lembani kuti ndi ndalama zingati ndipo ikuimira ng'ombe zingati. Athenga a mbali zonse asaine, ndipo banja lililonse lisunge pepala lake. Athenga mukakhala pa mlandu wa banja, lembani tsiku, dandaulo, ndi amene anapepesa. Amayi, mukavulazidwa pitani kuchipatala mukanene zoona, ndipo bukulo mulisunge kwa munthu amene mumam'khulupirira.

Kwa azibambo anzanga amene tinalandira, mawu anga ndi awa. Mwana wanu akabwera usiku ndi chikwama pamutu, musayambe mwayang'ana kukhola. Yang'anani nkhope yake, mumufunse chimene cham'chotsa. Za ng'ombe zili ndi athenga, zili ndi akuluakulu, zili ndi khoti, ndipo monga taonera, kawirikawiri mwamuna wankhanza amene wabereka ana sakhala ndi choitanitsa. Ngakhale khoti litalamula kuti mubweze, ngongoleyo ndi yanu inu amene munalandira, si ya mwanayo. Ng'ombe mukhoza kubwereka kwa mbale n'kubweza pang'onopang'ono mukakolola. Mwana amene mwam'bweza kwa womenya, mwina ulendo wotsatira adzabwera atanyamulidwa.